Ayezi, ketulo ndi themometa yokana kukwera: zolemba za pulojekiti ya kalabu yathu ya sayansi

Lolemba, 3 Juni

Tayamba. Ana afika 14, ambiri a Fomu 1 ndi Fomu 2. Cholinga chake nchimodzi basi, kutenga madzi oundana, kuwatenthetsa mpaka asungunuke, mpaka awire, nkumalemba madigiri pa masekondi 30 aliwonse kuti tijambule galafu yathuyathu, osati yokopera m'buku ija. Ana amailoweza bwinobwino galafu imeneyi, mizere iwiri yokwera ndi iwiri yogona, koma ukawafunsa kuti pamzere wogonapo moto ukuyakabe nanga mphamvu ikupita kuti, amangoyang'ana kudenga.

Zida zomwe tili nazo: mathemometa awiri agalasi oyambira pa -10 kufika 110, sikelo ya kukhitchini ya madamu kunyumba (ndabwereka ndi malonjezo ambiri), ketulo yamagetsi yolembedwa 2000 W kunsi kwake, mbaula, zitini ziwiri za mkaka, makapu apulasitiki, lichero ndi soya wa mbale imodzi. Ayezi tikugula kwa mayi wina wogulitsa mafilizesi pamsika, amatiundanitsira madzi wamba m'timajumbo.

Lero sitinayatse moto, tinangosewera ndi lichero. Soya ndiye tinthu ting'onoting'ono tomwe timapanga chinthu chilichonse, tomwe pa madzi timatitcha mamolekyu. Ndinapendeketsa lichero pang'ono soya yense nkuunjikana mbali imodzi mothithikana, kenako kumaligwedeza pang'onopang'ono. Njere iliyonse imanjenjemera koma siisuntha pamalo pake, anzake oyandikana nawo ndi omwewo. Chimenecho nde chinthu cholimba. Ndikagwedeza mwamphamvu pang'ono njere zimayamba kudutsana, iyi yapita uku iyo yabwera kuno, koma zikukhudzanabe, mipata sinakule kwenikweni. Zamadzimadzi zimenezo. Ndikapeta ngati ndikupeta chimanga soya amangodumpha aliyense kwake, wina mpaka pansi, ana nkumatola. Gasi ameneyo.

Ndawauza kuti lichero lili ndi bodza limodzi, soya sakokana, pomwe mamolekyu amakokana, ndipo nkhani yonse yomwe tikufuna ili pa kukokanako. Kaya amva, tiona.

Lachitatu, 5 Juni

Kuyesa koyamba, zakanika ndithu. Tinaika zibuma za ayezi m'chitini, chitini pambaula, themometa mkati. Pasanathe mphindi ziwiri themometa ikuti 12, kenako 19, ayezi ali mbwee kuyandama pamwamba. Mnyamata wina wa Fomu 2 anangoti, "Sala, ndekuti buku lija limanama eti?" Ndinaseka koma mumtima zinandiwawa.

Titakhala pansi zolakwika zinapezeka zitatu. Themometa inagunda pansi pa chitini, nde imayeza chitsulo chotentha osati madzi. Zibuma zinali zazikulu ngati chibakera, ndiye moto umalowa m'madzi mwachangu kuposa momwe ayezi angaumezere, madzi apansi nkumatentha paokha ayezi ali pamwamba osadziwa kanthu. Komanso palibe anatakasa. Mzere wogona wa pa 0 uja umaoneka pokhapokha ayezi ndi madzi zasakanikirana bwino, dontho lililonse la madzi lili pafupi ndi kachidutswa ka ayezi. Mbaula nayo ndi vuto palokha, mphepo ikaomba makala amalilima, ikaleka amazilala, sungati mphamvu yolowa pa sekondi ndi imodzimodzi.

Lachisanu, 7 Juni

Tabwereza. Ayezi tinamukulunga m'chiguduli choyera nkumusinja ndi munsi mpaka kukhala ngati mchere wamiyala. Chitini sitinachiike pamoto, tinachiika m'poto wa madzi ofunda, potoyo nde pambaula, kuti kutentha kuzilowa mofatsa. Mtsikana mmodzi kugwira themometa pakatikati osagunda pansi, wina kutakasa ndi kamtengo osaleka, wina foni m'manja kuwerenga nthawi.

Zatheka. Kwa mphindi zisanu ndi theka themometa imangosewera pakati pa 0 ndi 1, ayezi akuchepa tikuona, madzi akuchuluka, koma nambala osasuntha. Kachidutswa komaliza katangotha, masekondi 30 otsatira inati 4, kenako 9, kenako 14, kumangokwera. Ana anakuwa ngati chigoli.

Mbali yoyamba ya galafu, ija ayezi amakwera kuchoka pansi pa ziro kufika pa 0, sitinaione. Pochoka kumsika kufika kuno nkusinjanso, ayezi anali atafika kale pa 0 akudontha. Tiisiya kaye, ndingoijambula ndi timadontho.

Apa ndinabwereranso ku lichero. Themometa siyeza mphamvu yonse yomwe ili m'chinthu, imangoonetsa kuti tinthu tija tikugwedezeka kapena kuthamanga mwamphamvu bwanji, tikatengera pakatikati. Ukamatenthetsa madzi kuchoka pa 10 kupita pa 20, mphamvu ya moto ikupita kokawonjezera liwiro la mamolekyu, nde themometa imaona. Koma pa 0 ayezi akusungunuka, mphamvu ikulowa ija ikugwira ntchito ina, yomasula mamolekyu pamalo pomwe anzawo anawagwira. Molekyu yomwe yangomasuka siili ndi liwiro loposa lomwe inali nalo, yangopeza ufulu woyenda. Ndipo madzi osungunukawo akati atenthe pang'ono, ayezi ali pambali amalanda kutenthako nkusungunukirapo. Nchifukwa chake nambala imadikira mpaka ayezi yense athe.

Mtsikana wotakasa uja anati, "Ndiye zili ngati munthu akulandira malipiro koma onse akupita kungongole, m'thumba simukusintha." Ndinamuuza kuti alembe m'kope mwake momwemo, ine sindikanaganiza.

Lachiwiri, 11 Juni

Kuona kuti nambala yaima nkosakwanira, ndimafuna ana aone kukula kwa ngongoleyo ndi manambala. Nde lero tapanga ya makapu awiri, yomwe kwa ine ndi yokoma kuposa zonse ndipo siifuna moto nkomwe.

Kapu A ndi kapu B, iliyonse magalamu 200 a madzi ofunda a madigiri 40, makapu tawakulunga ndi masokosi akale kuti asataye kutentha. Mu A tathiramo magalamu 50 a madzi ozizira a madigiri 0, otsanulidwa kuchoka mu ayezi wosungunuka. Mu B taikamo magalamu 50 a ayezi, nayenso wa madigiri 0. Kulemera kofanana, kuzizira kofanana, kusiyana nkwakuti wina ndi madzi wina ndi wolimba. Ndinawafunsa kaye kuti alosere, 11 mwa 14 anati makapu onse athera pamodzimodzi.

A inathera pa 32. Masamu ake ngosavuta. Kukweza galamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna mphamvu yokwana majulu 4.2, mwachidule 4.2 J, nde timalemba

E = m × c × ΔT

Apa E ndi mphamvu, m ndi magalamu, c ndi 4.2 ija, ΔT ndi madigiri omwe madzi akwera kapena kutsika. Madzi ofunda atsika ndi madigiri 8, apereka 200 × 4.2 × 8 = 6,720 J. Ozizira aja akwera ndi 32, alandira 50 × 4.2 × 32 = 6,720 J. Ndendende, mpaka ndinadabwa ndekha.

B ulendo woyamba inathera pa 21. Ana anadabwa kale kuti 21 ndi 32 nzotalikirana, koma ine ndinadziwa kuti china chalakwika chifukwa ndimayembekezera cha m'ma 16. Tiwerengere: madzi ofunda atsika ndi 19, apereka 200 × 4.2 × 19 = 15,960 J. Pa mphamvu imeneyi, yokweza madzi osungunuka kuchoka 0 kufika 21 ndi 50 × 4.2 × 21 = 4,410 J. Yotsala 11,550 J ndiyo yasungunula ayezi, ukagawa ndi magalamu 50 ukupeza majulu 231 pa galamu. Nambala yodziwika ndi 334. Tasemphana ndi 100 yathunthu.

Chifukwa chake chinali m'mbale. Ayezi wosinja uja anali chinyowere, tinamutapa ndi sipuni pamodzi ndi madzi ake, nde pa magalamu 50 tinayeza aja mwina 15 anali madzi kale, ngongole yawo inabwezedwa kalekale panjira. Chizindikiro chake nchimenecho, ayezi akakhala wonyowa yankho limatuluka laling'ono nthawi zonse. Tinabwereza ndi tizibuma tokulirapo, kutipukuta ndi kansalu kouma kamodzinkamodzi nkuponya m'kapu msanga, kulemera kwake tinakupeza poyeza kapu tisanaike ndi titaika. Mwamwayi zinakwana 50 titachotsa kamodzi. Yathera pa 17. Madzi ofunda apereka 200 × 4.2 × 23 = 19,320 J, kuchotsapo 50 × 4.2 × 17 = 3,570 J, kutsala 15,750 J, pa galamu 315. Ndi sikelo ya kukhitchini ndi themometa yomwe theka la digiri umachita kuganizira, ine 315 ndailandira ndi manja awiri.

Kuti ana aimve 334, ndinawauza agawe ndi 4.2. Zimabwera pafupifupi 80. Ndekuti mphamvu yongosungunula ayezi, themometa osasuntha ngakhale pang'ono, ndi yomweyo yomwe ingatenge madzi olemera chimodzimodzi kuchoka pa 0 kufika pa madigiri 80. Munthu woyamba kuyeza zimenezi bwinobwino anali Joseph Black wa ku Glasgow, cha m'ma 1761, ndipo anakutcha kutentha kobisika, poti themometa siikuona. Fomula yake ilibe ΔT nkomwe, L ndi mphamvu yosungunula galamu imodzi, 334 ija:

E = m × L

Lachinayi, 13 Juni

Magetsi anazima kuyambira m'mawa, ketulo yagona. Mmalo mwake tinakonza nkhani ina yomwe inabuka Lachiwiri. Mwana wina anafunsa kuti ngati m'cholimba tinthu timathithikana kwambiri monga soya wa m'lichero, bwanji ayezi amayandama, si amayenera kumira? Funso labwino kwabasi, ndipo apa mpomwe lichero limagwa. Zinthu zambiri cholimba chimamiradi m'madzimadzi ake. Tinasungunula kandulo m'chitini nkuponyamo kachidutswa kolimba, kanamira, ndipo phula litauma pakati panalowa m'kati ngati kachigwa, kusonyeza kuti lafupika. Madzi ngosiyana. Akamaundana mamolekyu amagwirana mwa dongosolo la makona 6 lomwe limasiya mipata pakati, nde ayezi amatenga malo ochuluka ndi pafupifupi 9 pa 100 kuposa madzi ake. Mayi wa mafilizesi amazidziwa bwino izi ngakhale sanalowe labu, botolo sadzaza mpaka pakamwa akamaika mufiliji.

Ndiye ndasintha zomwe ndinalemba pabolodi. Poyamba ndinati "cholimba: tinthu tothithikana kwambiri". Pano ndalemba kuti tinthu tili ndi malo okhazikika, timangonjenjemera pomwepo. Kusungunuka si kutalikirana kwenikweni, ndi kutaya malo okhazikikawo.

Lolemba, 17 Juni

Magetsi alipo, tawiritsa. Madzi lita imodzi, magalamu 1,000, m'ketulo, chivundikiro chotsegula kuti isazime yokha, themometa yomangirira ku kamtengo kuti isagunde waya wotenthetsa.

Cha m'ma 50 mpaka 60 timathovu ting'onoting'ono tinayamba kumata m'mbali, ana ena nkulemba kuti "yayamba kuwira". Ayi. Umenewo ndi mpweya wamba womwe unasungunuka m'madzi, ukutuluka chifukwa madzi otentha sasunga mpweya wambiri. Kenako ketulo inayamba kulira muja imachitira, amenewo ndi mathovu a nthunzi obadwa pansi potentha nkukafera m'madzi ozizirirapo a pamwamba. Kuwira kwenikweni ndi pomwe mathovu akuluakulu akufika pamwamba osafa, ndipo phokoso lija limatsika.

Nde themometa inakwera, 88, 92, 94, 95, basi yaima. Madzi akubwadamuka koma 95. Tinadikira mphindi ziwiri, 95 yomweyo. Ana anati yafa. Tinaika inzake, 95 nayonso, mwina kuchepera pang'ono. Ine ndinachita dala osawauza. Kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchoka pomwe pali nyanja yamchere, mpweya wotipsinja kuchokera kumwamba ngochepa, nde thovu la nthunzi silifuna kukankha mwamphamvu kwambiri kuti likule. Madzi amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi kutsika pa mamita 300 aliwonse okwera. 100 wa m'buku uja ngwa kunyanja yamchere, ku Nsanje angamuyandikire, kuno ayi. Amene analemba 100 m'tebulo mwawo asanayang'ane nkomwe themometa ndawaona, anali atatu, afufuta okha mwamanyazi.

Chofunika nchakuti yaima. Mzere wachiwiri wogona uja tauona, uli pa 95.

Lachitatu, 19 Juni

Lero kuyeza mphamvu ya kuwira. Sindinakhulupirire 2000 W yolembedwa paketulo, magetsi a kuno madzulo amafooka, mababu amachita kuoneka. Nde tinayamba tayeza ketuloyo. Magalamu 1,000 a madzi kuchoka pa 20 kufika pa 80 anatenga masekondi 150. Mphamvu yolowa m'madzi ndi 1,000 × 4.2 × 60 = 252,000 J, kugawa ndi 150, zikubwera majulu 1,680 pa sekondi. Ndekuti ketulo yathu lero ndi ya mawati 1,680, ndipo ubwino wake nambala imeneyi yachotseratu kale zina zotayika m'mbali.

Kenako ketulo yonse pasikelo, chingwe tachigoneka pabuku kuti chisakoke. Itafika powira bwinobwino tinalemba kulemera, kuwerenga masekondi 180, kulembanso. Yapepuka ndi magalamu 128. Mphamvu yolowa ndi 1,680 × 180 = 302,400 J, kugawa ndi 128, majulu pafupifupi 2,360 pa galamu. M'mabuku ndi 2,260 pa madigiri 100, kuno pa 95 imakwererako pang'ono cha m'ma 2,270. Tapitirira ndi pafupifupi 4 pa 100, ndipo mbali yomwe tapitirira ndi yomveka, ketulo ya pa 95 imataya kutentha kwambiri m'mbali kuposa ya pa 50, komanso nthunzi ina imagunda chivundikiro chotsegula chija nkudonthera momwemo, nde timaiwiritsa kawiri koma sikelo imawerenga kamodzi. Tikanagwiritsa 2000 W ya palebulo tikanapeza 2,800 kuposa, ana nkumati buku lanamanso.

Nambala iyi inawazunguza. Kusungunula 334, kuwiritsa 2,270, kuchulukitsa pafupifupi ka 7, chifukwa chiyani? Ndinatenganso lichero. Posungunuka njere zimangomasuka pang'ono, zikukhudzanabe, zikukokanabe, wasiya mnzako uyu wagwira uyo. Powira molekyu iyenera kuchokeratu pakati pa anzake onse, kukoka konse kuja kugonjetsedwe. Kamililita kamodzi ka madzi kakasanduka nthunzi kamadzaza malo okwana mamililita pafupifupi 1,700 kunyanja yamchere, kuno kuposa pamenepo poti mpweya wopsinja ngochepa. Ndekuti mamolekyu atalikirana kuposa ka 10 mbali iliyonse. Mphamvu yambiri yapita pa kulekanitsako, ina yochepa, yosafika gawo limodzi mwa 10, yapita pokankha mpweya wozungulira kuti nthunzi ipeze malo.

Tinawerengera limodzi kuti ketulo yathuyi itapatsidwa kilogalamu imodzi ya ayezi wa pa 0 ingatani. Kusungunula mphindi 3 ndi masekondi 20. Kukweza kuchoka 0 kufika 95, pafupifupi mphindi 4. Kuwiritsa mpaka kuuma, mphindi 22 ndi theka. Galafu ya m'buku lathu imajambula mizere iwiri yogona ija yotalika mofanana, yomwe ndi chinyengo ndithu, yathu tiijambula pa mapepala awiri olumikiza ndi selotepi kuti mzere wa kuwira ukwane.

Cholakwika china chomwe ndinachigwira m'makope, anayi analemba kuti m'mathovu a madzi owira muli haidirojeni ndi okosijeni, poti madzi "asweka". Ndiyenera kusamala ndi mawu anga omwe, ndakhala ndikunena kuti mphamvu "imadula kugwirana" osafotokoza kuti kugwirana kwake kuti. Komwe kukugonjetsedwa ndi kukokana kwa molekyu ndi molekyu inzake, koma molekyu payokha ili yathunthu, H₂O m'ayezi, H₂O m'madzi, H₂O munthunzi. Umboni tinaupeza pomwepo, mbale yozizira pamwamba pa ketulo, madontho a madzi nkumatsika. Ndinawaonetsanso kampata koyera mbee pakamwa penipeni pa ketulo pomwe sipaoneka kanthu, pamenepo nde pali nthunzi yeniyeni, gasi wosaoneka. Chiutsi choyera chapamwamba chija ndi timadontho tamadzi tomwe tabwerera kale.

Lachisanu, 21 Juni

Tsiku lojambula, koma theka la nthawi linapita pa mkangano wa nyemba. Mtsikana wina anati kwawo akafuna nyemba zipse msanga amasonkhezera moto kuti ziwire mwamphamvu, nde malinga ndi galafu yathu akungotaya nkhuni eti? Mnyamata wina anakana kwamtuwagalu, akuti moto waukulu ndi waukulu basi. Tinayatsa mbaula, poto wa madzi, kuwira pang'onopang'ono 95. Kupepesera makala ndi chivundikiro cha ndowa mpaka madzi kumadumphira kunja, 95 yomweyo. Moto wowonjezerawo ukungosandutsa madzi ambiri kukhala nthunzi, mphika uuma msanga, uthiranso madzi ozizira, nkuyambiranso kudikira. Mnyamata uja anati komabe akafunsa agogo ake.

Ine chala changa chamkomba phala chili ndi thuza, ndinadutsitsa dzanja pamwamba pa ketulo Lachitatu pochotsa themometa. Ndinachisandutsa phunziro, nanga nkutani. Galamu imodzi ya madzi owira ikagwera pakhungu nkuzizira kuchoka 95 kufika cha m'ma 35 imasiya 4.2 × 60, majulu 252. Galamu imodzi ya nthunzi imayamba yabweza 2,270 yonse ija posanduka madzi, kenako nkuwonjezera 252 yomweyo. Themometa ikanati zonse ndi 95, koma khungu lalandira kakhumi. Kuyambira pano themometa tizichotsa ndi kamtengo kake ketulo itazima.

Zotsala sabata yamawa: kupeza kabokosi kosunga kuzizira kuti tikatenge ayezi molunjika mufiliji, mwina tione mbali ya pansi pa ziro ija, ngakhale themometa yathu imathera pa -10. Kubwereza ya makapu awiri katatu kuti titenge pakati, 315 imodzi yokha sindingaiike pachionetsero. Ndipo sikelo ya madamu ibwerere kunyumba Lamlungu lisanafike, nthunzi inalowa pagalasi lake manambala akuoneka mwa chifunga, ndaiika m'thumba la mpunga kuti iume.